ZA PAKHOMO PATHU: Fulasiki Imasunga Kutentha, Siisunga Chakudya



Nyengo yachisanu ikafika kuno ku Mwanza, manachesi napsa m'minda, munthu woyenda pa mseu waukulu wochokera ku Zalewa kupita ku chipata cha malire a dziko lathu ndi Mozambiki amaona milu ya zipatso m'mbali mwa njira. Pafupi ndi milu yambiri pamakhala mai ali ndi mwana kumsana, ndipo mukayang'anitsitsa m'dengu lake mudzaonamo fulasiki. Fulasiki yomweyo timaipeza m'chikwama cha mphunzitsi, m'galimoto la dalaivala amene akudikira mapepala pa chipata, pa siwa usiku wa maliro, ndi pansi pa bedi la wodwala m'chipatala. Ena amasungamo tiyi, ena phala la mwana, ena thobwa. Tonsefe timaikhulupirira, popeza chimene tathiramo m'mawa timachipeza chikadali chofunda madzulo. Koma akulu akale adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwezi uno tifuna tikambirane za nyerere zimene zimabisala m'kufunda kumeneku.

Zimene zidachitika m'banja lathu

Tiyambe ndi nkhani ya pakhomo pathu pomwe, kuti wina asaganize kuti tikuloza chala nyumba za ena. M'mwezi wa Juni chaka chathachi mpongozi wathu adali kugulitsa manachesi pa mseu, ndipo adali kupita ndi mdzukulu wathu wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Mpongozi wathuyu ndi mai waukhondo, wosamba m'manja asanagwire chakudya, woti mbale zake mungadziyang'anirepo nkhope. Tsiku limenelo adadzuka tambala woyamba, ndipo pofika 5 koloko adali ataphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi shuga. Adaphula mphika nauika pambali, nayamba kusambitsa mwana ndi kulongedza zipatso. Patatha nthawi yoposa theka la ola ndi pamene adathira phala lija m'fulasiki, imene idagona usiku wonse pa thandala panja, yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Fulasikiyo idali ya lita imodzi, koma phala lidangofika pakati.

Mwana adadya koyamba 7 koloko, phala likutentha ndithu. Adadyanso 10 koloko, ndipo apa make adaona kuti silifunanso kuuzira, nakondwa kuti ntchito yachepa. Limene mwana adasiya m'kapu adalibwezera m'fulasiki, pakuti chakudya sichitayidwa. Adamdyetsanso 1 koloko masana, ndipo komaliza 4 koloko madzulo. Nthawi imeneyi phala lidali litasungunuka pang'ono ngati lothiridwa madzi, koma silidanunkhe, silidasase, ndipo lidali lofundabe.

Cha m'ma 6 koloko, atangofika kunyumba, mwana adayamba kusanza. Adasanza kasanu ola lisanathe, nalefuka, maso nayamba kulowa. Tidathamanga naye ku chipatala, kumene adampatsa madzi obwezeretsa mphamvu m'thupi pang'onopang'ono, ndipo kutacha adali akusewera. Wa zaumoyo amene adatithandiza adafunsa chimene mwana adadya, ndipo atamva za phala la m'fulasiki la maola 11 adapukusa mutu. Pobwerera kunyumba mpongozi wathu adatifunsa ndi misozi m'maso kuti, "Bambo, kodi ndidalakwa pati? Phala lija ndidaliphika mpaka kupsa, ndidalivundikira, ntchentche siidaterepo, ndipo lidali lofunda mpaka madzulo." Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake lili m'mawu ake otsirizawo. Cholakwika chidali kufundako.

Ntchito yeniyeni ya fulasiki

Fulasiki idapangidwa koyamba mu 1892 ndi katswiri wa sayansi wa ku Sikotilandi dzina lake James Dewar. Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Ndi mabotolo awiri, lina m'kati mwa linzake, ndipo pakati pa awiriwo adapopamo mpweya wonse. Popeza palibe mpweya woti unyamule kutentha kuchokera m'botolo lam'kati kupita kunja, chotentha chimachedwa kuzizira ndipo chozizira chimachedwa kufunda. Ntchito yake yonse ndi imeneyi. Fulasiki ilibe moto, ilibe mankhwala, siipha kachilombo n'kamodzi komwe. Imangochedwetsa kuzizira, ndipo ngakhale fulasiki yabwino koposa imataya kutentha pang'onopang'ono, makamaka kudzera pakamwa ndi pa chitsekerero.

Tsono tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba tili ndi nyengo yake imene timakonda, monga mbewu za kumunda. Chakudya chikakhala chotentha kuposa madigiri 60, tizilomboti sitingathe kuswana. Chikakhala chozizira kwambiri, pansi pa madigiri 5 monga m'filiji, timagona tulo. Pakati pa malire awiriwa ndi pamene timaswana, ndipo timaswana mofulumira koposa pa kufunda kofanana ndi kwa thupi la munthu, madigiri 37 kapena kucheperapo pang'ono. N'chifukwa chake Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse, m'malangizo ake asanu a kasamalidwe ka chakudya amene lidatulutsa mu 2001, limati chakudya chophika chizisungidwa chotentha kuposa madigiri 60, ndipo chisakhale padera koposa maola awiri.

Apa ndi pamene fulasiki imatinyenga. Pamene ili yodzaza ndi yotentha, ndi bwenzi lenileni, popeza imasunga phala pamwamba pa malire aja kwa maola angapo. Ofufuza amene adagwira ntchito ndi amai a ku Ghana, nalengeza zimene adapeza mu 1999, adaona kuti phala la ana losungidwa m'fulasiki lidali ndi tizilombo tochepa pokhapokha ngati lidakhalabe lotentha ndithu. Likatsika n'kukhala lofunda chabe, phindu la fulasiki lidali kutha. Ndipo ikatero fulasiki imasanduka mdani, chifukwa khalidwe lake lochedwetsa lija limasunga phala nthawi yaitali pa kufunda kumene tizilombo timakukonda. M'chisanu cha Juni mphika wosiyidwa panja umazizira msanga, koma fulasiki imafungatira phala monga nkhuku ifungatira mazira.

Nanga tizilombo timalowa bwanji m'phala lowira?

Wina anganene kuti, nanga si phala lidawira pamoto, tizilombo tonse n'kufa? N'zoona kuti tambiri timafa, koma osati tonse. Pali kachilombo kena kamene akatswiri amakatcha basilasi seriyasi, kamene kamakhala m'dothi, ndipo kuchokera m'dothimo kamapezeka pa chimanga, pa mpunga, pa mtedza ndi mu ufa. Kachilombo kameneka zinthu zikavuta kamadzitsekera m'kambewu kolimba zedi. Alimi mukudziwa mbewu za kaufiti, zimene zimakhala m'nthaka zaka zambiri, dzuwa likuwomba, kufikira tsiku limene chimanga chamera pafupi. Timbewu ta kachilomboka n'totero. Kuwira kwa phala sikutipha tonse. Timangodikira kuti phala litsike kutentha, kenaka timamera n'kuyamba kuswana, ndipo popeza tinzake tambiri tidafa pamoto, mphika wonse umakhala wake.

Njira yachiwiri ndi ya ife eni. Phala limene mwana wasiya m'kapu lakhudzana ndi supuni, malovu ndi zala. Tikalibwezera m'fulasiki tabzalamo tokha tizilombo tatsopano, ndipo taziziritsanso lotsalalo. Malovu a munthu ali ndi mphamvu yosungunula chakudya cha ufa, ndipo tizilombo tina timachitanso chimodzimodzi. Choncho phala limene lidali lolimba m'mawa likapezeka lamadzimadzi masana, osathiramo madzi, lakuuzani lokha kuti china chake chalowamo ndipo chikugwira ntchito.

Ana a sukulu, tiyeni tichite samu. Pa kufunda kumene timakukonda, tizilombo totere tingathe kuwirikiza chiwerengero chake pa theka lililonse la ola. Tiyerekeze kuti pa 10 koloko, pamene phala lidaleka kufuna kuuzira, m'kadontho kolemera galamu imodzi mudali tizilombo 100 tokha. Pofika 11 koloko tili 400. Pofika 12 koloko tili 1,600. Pofika 1 koloko tili 6,400, ndipo mwana adadya osadwala. Koma pofika 2 koloko tili 25,600, pa 3 koloko tadutsa 100,000, ndipo pa 4 koloko tadutsa 400,000. Kachilombo kameneka kawirikawiri kamadwalitsa munthu kakafika pa 100,000 m'galamu imodzi. Samu imeneyi ndi chitsanzo chabe, koma ikutiphunzitsa chinthu chachikulu: maola oyamba a kufunda amaoneka ngati palibe chikuchitika, ndipo ngozi yonse imadza mothamanga kumapeto. Phala la 1 koloko ndi phala la 4 koloko zidali m'fulasiki imodzi, koma sizidali chakudya chimodzi.

Pali chinthu china chimene tiyenera kuchigwiritsa. Kachilombo kameneka kakachuluka m'chakudya cha ufa kangathe kusiyamo chiphe, ndipo chiphe chimenechi sichitha ndi moto. Mungawiritsenso phala lija mpaka kubwadamuka, tizilombo tamoyo tidzafa, koma chiphe chidzatsala. Chiphechi chimasanzitsa msanga, kuyambira theka la ola kufikira maola 6 munthu atadya, monga zidachitikira ndi mdzukulu wathu. Mtundu wina wa kachilombo komweka umatsegula m'mimba ndi kupotokola, ndipo umayamba mochedwerapo, patatha maola 8 kufikira 16. Choncho kutenthetsanso kumathandiza chakudya chimene changozizira kumene, koma sikupulumutsa chimene chakhala chofunda tsiku lonse. Mphuno nayonso siingatithandize, pakuti tizilombo tonunkhitsa chakudya ndi tina, todwalitsa ndi tinanso.

Tikabwerera ku funso la mpongozi wathu, zolakwika zidali zinayi, ndipo zonse ndi zazing'ono. Phala lidathiridwa litayamba kale kuzizira. Lidathiridwa m'fulasiki yozizira, imene idameza kutentha kwina nthawi yomweyo. Lidangofika pakati, ndipo chakudya chochepa chimazizira msanga kuposa chodzaza, makamaka ngati fulasiki ikutsegulidwa kawirikawiri. Pomaliza, zotsala za m'kapu zidabwezedwamo. Titaiyesa fulasikiyo pambuyo pake tidapezanso chachisanu: kalabala ka pa chitsekerero kadali katang'ambika.

Tiyi sali ngati phala

Sitifuna kuti muope fulasiki, chifukwa zimene timasungamo sizifanana. Tiyi wopanda mkaka ndiye wopirira koposa. Amathiridwa ali wowira, ndipo alibe chakudya chambiri choti tizilombo tidye. Akakhalitsa amada, amawawa, nataya fungo lake, koma munthu wamkulu amene wamwa masana tiyi wa m'mawa kawirikawiri savutika. Ngakhale zili choncho, tiyi wa lero amwedwe lero, makamaka ngati ali ndi shuga, ndipo wotsala atayidwe fulasiki isanagone.

Tiyi wa mkaka ndi nkhani ina. Mkaka ndi chakudya chokwanira kulera mwana wa ng'ombe, ndipo umaleranso tizilombo mosavuta. Tiyi wa mkaka tizimuwerengera pamodzi ndi phala. Taona pa maliro ambiri amai akudzaza mafulasiki ndi tiyi wa mkaka cha m'ma 8 koloko usiku, kuti ogona pa siwa azimwa. Kukacha wina amagwedeza fulasiki, namva kuti mukadali tiyi, nathiramo watsopano pamwamba pa wotsalayo. Kuchita zimenezi n'kuziziritsa tiyi watsopano ndi kumpatsa tizilombo ta usiku wonse. Njira yabwino ndi yophweka: m'fulasiki mukhale tiyi wakuda kapena madzi owira okha, ndipo mkaka wa ufa ndi shuga zinyamulidwe padera, kuti aliyense athire m'kapu yake pakumwa. Mukaona tiyi wa mkaka ali ndi timibulu, kapena akukoka ulusi pothira, musamulawe n'komwe.

Lamulo lomweli likukhudza amai amene pa zifukwa za umoyo amamwetsa khanda mkaka wa m'chitini. Mkaka wosungunula kale usasungidwe m'fulasiki. Muzisungamo madzi owira okha, n'kusungunula mkaka pa nthawi yomwetsa madziwo akadali otentha kwambiri, madigiri 70 kapena kuposa, kenaka n'kuuziziritsa. Wotsala patatha maola awiri utayidwe.

Nanga thobwa?

Thobwa limasiyana ndi ziwiri zija, chifukwa silimwedwa lotentha, ndipo ndi chakumwa chamoyo. Amai akaphika phala la ufa, nalisiya kuti lifunde, nathiramo chimera cha mawere kapena cha chimanga, chimeracho chimasungunula phala ndi kulitsekemeretsa. Likagona, tizilombo tabwino timayamba kudya kutsekemerako n'kulisasitsa pang'onopang'ono. Kuwawasa kumeneku ndi chitetezo, pakuti tizilombo tambiri totsegula m'mimba sititha kuswana m'chakumwa chowawasa ndithu. Ofufuza a ku Ghana aja adapezanso kuti phala la ufa wosasitsa lidali ndi tizilombo tochepa kuposa la ufa wamba. Makolo athu amene adali kupita kumunda ndi chipanda cha thobwa adadziwa zimene adali kuchita.

Koma chitetezo chimenechi chili ndi malire atatu. Choyamba, thobwa latsopano, lotsekemera, limene silinayambe kuwawasa, lilibe chitetezo. Ndi phala lamadzi la shuga basi. Mukalithira m'fulasiki likadali lofunda kuchokera mumphika, mwaliika pa ngozi imodzimodzi ndi phala la mdzukulu wathu. Thobwa lizizire kaye ndithu mumtsuko pamthunzi, fulasiki mutsukuluze ndi madzi ozizira oyera, ndipo mukathira mulimwe tsiku lomwelo. Fulasiki pa thobwa ntchito yake ndi kuliteteza ku dzuwa.

Chachiwiri, thobwa silileka kuwira chifukwa latsekeredwa. Limatulutsa mpweya, ndipo m'fulasiki yotsekedwa mpweyawo ulibe kothawira. Mukamva chitsekerero chikulira potsegula, thovu likukwera lokha, fungo likulasa m'mphuno, dziwani kuti thobwa lapitirira ndipo layamba kusanduka mowa. Limeneli si la mwana, ndipo ambiri a ife sitifunanso kuti lipezeke pakhomo pathu. Lingathenso kukankha chitsekerero n'kumwazikira m'chikwama pamodzi ndi makope. Mahewu a m'sitolo nawonso, mukangotsegula paketi, amwedwe tsiku lomwelo, ndipo paketi yotupa isagulidwe.

Chachitatu, kuwawasa kapena kuwiritsa sikungakonze ufa woipa. Anansi athu a m'chigawo cha Tete adaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu Januwale 2015, ku Chitima, anthu ochokera ku maliro adamwa chakumwa cha chimanga chofulula chotchedwa pombe. Oposa 200 adadwala ndipo 75 adamwalira. Poyamba mphekesera zidati wina adathiramo ndulu ya ng'ona, koma zitayesedwa zidapezeka kuti chiphe chidachokera kwa kachilombo kamene kadaswana mu ufa wa chimanga umene udanyowa ndi madzi osefukira. Ufa wonyowa, wa nkhungu kapena wonunkha chuku usalowe m'thobwa kapena m'phala, ngakhale m'nyumba muli njala.

Kuyesa fulasiki yanu

Ambiri a ife tilibe choyezera kutentha, koma tili ndi manja ndi pakamwa. Madzulo ano dzazani fulasiki yanu ndi madzi owira kufikira m'khosi, mutseke bwino. Patatha mphindi 10 gwirani thupi lake kunja. Ngati likutentha m'dzanja, ndiye kuti mpweya udalowa pakati pa mabotolo aja, ndipo fulasikiyo yasanduka botolo wamba. Ingasunge madzi akumwa, koma osati phala la mwana. Ngati kunja kuli kozizira, isiyeni maola 6 osatsegula, kenaka thirani madziwo m'kapu. Ngati akufuka nthunzi, ndipo simungathe kuwamwa osauzira, fulasiki yanu ndi yamoyo. Ngati mungathe kuwagugudiza mosavuta, yang'anani chitsekerero ndi kalabala kake, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo.

Muyeso womwewu ndi umene tizigwiritsa ntchito pa chakudya. Phala kapena tiyi wa mkaka wa m'fulasiki ali bwino pamene akufunabe kuuzira. Mukatsegula n'kupeza kuti mungathe kumdyetsa mwana mosauzira, wotchi yayamba kuyenda, ndipo mwatsala ndi maola awiri okha. Ngati simukudziwa nthawi imene chakudyacho chidayamba kufunda, musapatse mwana, wodwala, mai woyembekezera kapena nkhalamba. Tikudziwa kuti ufa ndi wokwera mtengo ndipo kutaya phala kumapweteka mtima, koma theka la kapu ya phala silingafanane ndi usiku wa m'chipatala.

Mmene mpongozi wathu amachitira tsopano

Chaka chino manachesi apsanso, ndipo mpongozi wathu wabwerera pa mseu, koma ndi dongosolo lina. Adagula fulasiki yaing'ono ya theka la lita, ya pakamwa patambalala, kuti phala la mwana mmodzi lizidzaza. Akaika mphika pamoto amathira madzi owira m'fulasiki n'kuitseka kwa mphindi 5 kapena 10 kuti itenthe m'kati. Phala likapsa amakhuthula madzi aja, nathira phala likubwadamuka, kuchokera pamoto kulowa m'fulasiki, kufikira m'khosi. Podyetsa amathira m'kapu loti mwana amalize, natseka msanga, ndipo lotsala m'kapu silibwereranso. Ngati waphika 5 koloko, phalalo limakhala la 7 koloko ndi 10 koloko, ndipo pofika 11 koloko fulasiki imakhala yopanda kanthu. Lamulo lake ndi lakuti phala la m'fulasiki lisapitirire maola 6, ngakhale zonse zitayenda bwino.

Masana mwana amayamwa, amadya nthochi yakupsa ndi nachesi, zipatso zimene Mlengi adazitsekera kale m'makoko ake, zosenda pomwepo ndi manja osamba. Masiku amene akhala mpaka madzulo, amai atatu oyandikana milu amasonkherana makala, naphika phala latsopano pa mbaula imodzi. Inu amene mukudikirira wodwala m'chipatala mungachite chimodzimodzi: phikani pang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku ku khitchini ya odikirira, kusiyana ndi kudzaza fulasiki yaikulu m'mawa kuti ifike usiku, popeza thupi la wodwala lilibe mphamvu zolimbana ndi zimene wathanzi angapirire.

Kutsuka nako kuli ndi njira yake. Kutsukuluza ndi madzi okha sikukwanira, chifukwa mafuta a nsinjiro ndi a mkaka amamatirira m'makwinya a chitsekerero ndi pansi pa kalabala, ndipo timbewu tija timabisala pamenepo kudikira phala la mawa. Tsukani tsiku lililonse ndi madzi otentha ndi sopo, muchotse kalabala ngati kamachoka, mukweche m'makwinya ndi kamswachi kosungira ntchito imeneyi. Ngati m'kati mwada ndi tiyi kapena mukununkha, thiranimo madzi otentha ndi supuni yaing'ono imodzi ya soda, igone usiku. Mukatsuka muivundikire chozondotsa kuti iume, ndipo muisunge yosatseka. Fulasiki ya galasi m'kati ikagwa, igwedezeni. Mukamva kuwayawaya, zonse zam'katimo zitayidwe, musayese kusefa.

Ngati mwana wadwala

Zikachitika kuti mwana wayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya chakudya chokhalitsa, ngozi yaikulu ndi kutha kwa madzi m'thupi. Pitirizani kumuyamwitsa. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, ndipo muzimpatsa pang'onopang'ono ndi supuni. Akasanza dikirani mphindi 10, n'kuyambanso modekha. Musadikire kuti kuche ngati mwana akusanza chilichonse, akukana kuyamwa kapena kumwa, maso alowa, liwombo latsika, walefuka, watentha thupi, kapena m'chimbudzi muli magazi. Pitani naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo mukafotokoze mosabisa chimene adadya ndi nthawi imene chidaphikidwa. Palibe chamanyazi pamenepo, ndipo musataye nthawi kufunafuna amene wamuchita chipongwe mwana, pamene yankho lili m'dengu.

Inu achinyamata amene mumanyamula fulasiki kupita ku sukulu, ku msonkhano kapena pa ulendo wa ku Blantyre, ndinu amene mwaphunzira za madigiri ndi tizilombo m'kalasi. Madzulo ano pemphani mai anu mwaulemu kuti muyese fulasiki ya pakhomo, ndipo mudzatilembere zimene mwapeza. Inu abambo, ngati yapezeka yakufa, musamusiyire mai yekha nkhawa yogula ina. Ndipo inu amai ndi agogo, pamene mukutsegula fulasiki kuti mudyetse mwana, dzifunseni mafunso awiri okha: ndidathira nthawi yanji, ndipo kodi likufunabe kuuzira? Madzi akatayika saoleka.

Tsalani bwino, tidzachezanso mwezi wamawa.